Kutseka akaunti imodzi wantchito akachoka: kodi n'kokwanira?

"Pabungwe pathu tilipo anthu 18, ndipo aliyense ali ndi mapasiwedi asanu kapena kuposa. Tikufuna kuyamba SSO kudzera pa Google Workspace. Kodi munthu akasiya ntchito, kutseka akaunti yake imodziyo n'kokwanira?"

Mayi, n'kokwanira pang'ono chabe. Tiyambe ndi kalowedwe ka SSO, kutanthauza kulowa m'mapulogalamu osiyanasiyana ndi akaunti imodzi, poti vuto lagona pomwepo.

Wantchito akatsegula pulogalamu ya malipiro, pulogalamuyo simufunsanso pasiwedi. Imamutumiza ku Google, Google n'kumuzindikira, kenako n'kubweza uthenga wosainidwa wonena kuti munthuyu ndi wathu. Uthengawu nthawi zambiri umayenda m'njira yotchedwa SAML. Ndiye pasiwedi imakhala imodzi basi. Koma imodziyo ikabedwa, wakubayo walowa paliponse, n'chifukwa chake musayambe musanakakamize aliyense kutsimikiza pa foni polowa.

Tsono tinene kuti wowerengera ndalama wanu watsanzika Lachisanu. Mwadina Suspend user, batani loimitsira akaunti yake ya Google. Imelo yatsekeka, ndipo sangalowenso mwatsopano m'pulogalamu iliyonse yolumikizidwa ku Google. Koma ngati m'mawa anali atalowa kale m'pulogalamu ya malipiro pa laputopu ya kunyumba, akhoza kukhalamobe. Pulogalamuyo inafunsa Google kamodzi kokha, pakhomo, n'kumupatsa chilolezo chakechake chomwe chimatha pa nthawi yake, kwina maola, kwina masiku. Mlonda watseka geti, koma mlendo ali pabalaza.

Chomwe chimatseka mpata umenewu ndi SCIM, njira yomwe imauza pulogalamu inayo kuti iyimitse akaunti ya munthuyo. SAML payokha sichita zimenezo. Funsani ogulitsa pulogalamu iliyonse ngati ali nazo zonse ziwiri, ndipo mufunsenso mtengo, chifukwa ambiri amaziika m'gulu lokwera mtengo. Kwa anthu 18, ine ndingalipire pa mapulogalamu okhudza ndalama ndi zinsinsi za anthu okha. Kwinako muzilowa nokha n'kumuchotsa pamanja tsiku lomwelo. Muonenso ngati pasiwedi yake yakale, ya nthawi imene SSO kunalibe, ikugwirabe ntchito. Mapulogalamu ena amasiya khomo lakumbuyolo lili pululu mpaka mutalitseka nokha.

Palinso zimene SSO sizidziwa n'komwe: kubanki, tsamba la bungwe la pa Facebook lomwe amaliyendetsa ndi akaunti yakeyake, magulu a WhatsApp, ndi pasiwedi ija aliyense amaidziwa mu ofesi. Zilembeni papepala lero, munthu asanachoke, chifukwa tsiku lotsanzikana palibe amene amazikumbukira.

Ndipo musafulumire kufufuta akauntiyo. Yambani mwasamutsira mafayilo ake a mu Drive kwa wolowa m'malo. Akaunti yoimitsidwa imalipiridwabe, inde, koma yofufutidwa Google imakupatsani masiku 20 okha oti muibweze.