Limiti ikapereka 0/0 pali ruti pamwamba

"Ndajambula tsamba la kalikyulasi. Funso ndi lim x→4 ya (√x − 2)/(x − 4). Ndikaikamo 4 ndikupeza 0/0. Ndiye kuti limitiyo palibe?"

Ayi achimwene, ilipo. 0/0 akungokuuzani kuti pamwamba ndi pansi pabisala chinthu chimodzi chimene chikusanduka ziro, ndipo ntchito yanu n'kuchivumbula. Poti pamwamba pali ruti, chulukitsani pamwamba ndi pansi pomwe ndi konjugeti yake, √x + 2. Pamwamba pakhala (√x − 2)(√x + 2) = x − 4, ruti yatha.

Pansipo musatsegule mabulaketi, apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Pasiyeni pali (x − 4)(√x + 2) kuti x − 4 aonekere poyera, kenako mufafanize ndi wapamwamba uja. Kufafanizaku n'kololedwa chifukwa x akungoyandikira 4, sakufikapo, choncho x − 4 si ziro. Chotsala ndi 1/(√x + 2), ndipo mukaikamo 4 mupeza 1/4.

Tsimikizani pa kalikyuleta ndi x = 4.01, mupeza pafupifupi 0.2498. Yang'ananinso m'bukumo kuti mzere wa ruti ukuthera pa x, chifukwa pachithunzi suoneka bwino. Ikakhala √(x − 2), pamwamba sipakhala ziro ndipo funso lasinthiratu.