Kukhala wekha madzulo kutauni

Agogo, ndakutumizirani tsamba la m'kope langa: "Lachitatu. Ndaweruka mochedwa, minibasi ya ku Ndirande inavuta. Ndakhala pakhomo mpaka dzuwa lalowa kuseri kwa Michiru. Ndinakumbukira nyali za asodzi kwathu ku Malindi, mtima nkukhala pansi." Ndimachita izi tsiku lililonse. Koma anzanga apamdadada akuti ndine wonyada, ena akuti ndikukhwima. Kodi ndisiye?

Mdzukulu wanga, usasiye. Chimene ukuchitacho unachiphunzira konkuno, kungoti sukudziwa.

Kumbukira abambo ako aang'ono akamakonzekera kupita ku usipa. Dzuwa likapendeka amakhala pamchenga osayankhula, maso ali panyanja. Munthu wobwera angaganize kuti ndi ulesi, pomwe iwo akuwerenga madzi: kodi mwera uja wa mwezi wa Juni wagona kapena ukungopumira, mwezi utuluka nthawi yanji, pakuti usipa subwera ku nyali mwezi ukawala. Akatha kuona amadzuka nkunena mawu amodzi, "tiyeni" kapena "lero ayi". Kukhala chete kwa msodzi kumathera pa chochita. Ndiye muyeso umene ndikufuna uziyesera kukhala kwakoko.

Ukatseka kope, uzidziwa chimodzi chimene uchite mawa. Tinene kuti abwana akukalipira pamaso pa anzako. Usiku woyamba lemba mkwiyo wonse, palibe cholakwa. Usiku wachiwiri udzifunse mbali imene inali yako: unachedwadi, kapena anakunamizira? Pofika usiku wachitatu nkhaniyo ikhale ndi miyendo, kaya ukapepese, kaya ukafotokoze mwaulemu muli awiri. Ukaona kuti sabata yatha ukulembabe mawu omwewo, nsima sikulowa, tulo tikubwera atambala akulira, foni ya amayi ako ukungoiyang'ana ikuitana, dziwa kuti kumeneko sikusinkhasinkhanso. Amenewo ndi maganizo, ndipo maganizo amadya munthu. Pamenepo tseka kope, ukapeze munthu wamkulu wakumpingo kapena kumzikiti, ndipo zikapitirira pita kuchipatala, usachite manyazi.

Tsono za anzako apamdadadawo. Pang'ono akulakwa, koma nawenso uli ndi mlandu. Kuno munthu akakhala yekha pagombe palibe amadabwa, chifukwa aliyense akudziwa kuti ndi mwana wa uje, ndipo m'mawa anapatsana moni. Ku Ndirande sakudziwa mtundu wako. Akuona mnyamata wa ku Mangochi wofika osayankhula, wokhala mumdima nkumalemba zosadziwika. Ukudziwa wekha zimene anthu amatinenera ife a kunyanja pa nkhani ya mankhwala.

Ine zinandionekera. Ndili mnyamata ndinagwirapo ntchito yonyamula katundu m'sitolo ina ku Limbe, ndipo madzulo ndinkakhala kuseri kwa nyumba kuyang'ana kumpoto, kwathu. Mwana wa neba atadwala malungo, maso onse anali pa ine. Mayi wina wachikulire ndiye anandiitana nati, "Mwananga, ukhale kumaso kwa nyumba, anthu aziona nkhope yako." Ndinasuntha mpando basi, nkhani inathera pomwepo.

Iwenso chita chomwecho. Ukafika, usanalowe m'nyumba, zungulira makomo oyandikana nawe: "Mwaswera bwanji amayi? Ana aswera?" Sizitenga ndi mphindi 5 zomwe. Kenako khala poonekera, kope lili pamwendo, osati m'thumba. Wina akafunsa, muuze zoona, kuti ukulemba za tsiku lako ndi za kwanu. Ungamuwerengere ndime ya nyali ija, aseka nkukusiya. Mdima ukagwira, dzuka. Pano dzuwa likulowa isanakwane 6 koloko, ndiye theka la ola likukwanira. Anzathu achisilamu pa nthawi yomweyo amaswali Magharibi, ndipo taona kufupika kwake. Pa mdadada pakagwa maliro kapena matenda, tsiku limenelo kope lisatuluke nkomwe. Kali kokha nkanyama.

China, ndipo ichi ndikunenetsa. M'kopemo usalembe maina a anthu ndi zinsinsi zawo. Nyumba za lendi zitseko zake nzofooka, ndipo cholembedwa sungachikane ngati mawu apakamwa. Ukafuna kudandaula za munthu, ingoti "wina".

Tsamba lako ndaliwerenga kawiri, magalasi angawa ndi otha. Chandikondweretsa nchakuti ukukumbuka nyali. Koma Malindi wa m'kope lako ndi wokoma kuposa weniweniyu: mulibe udzudzu, mulibe masiku amene ngalawa zimabwerako zopanda kanthu, zomwe zinakuthamangitsira kutauni. Uzilembamonso zimenezo, kuti usadzasiye ntchito chifukwa cholota. Ndipo Lamlungu, m'malo molembera kope, imbira amayi ako. Akuti mawu ako anawamva komaliza mpunga usanakololedwe. Kathumba ka usipa wouma ndakupatsira mnyamata wa minibasi yodzera ku Liwonde; ukalandira, ugaweko mbale imodzi kwa mayi woyandikana nawe.