Ndalama ya ekisaizi si yanu, ngakhale ili mu akaunti yanu

Mayi wina wa ku Mpondasi wandilembera kuti: "Tayamba kupanga vinyo wa malambe, ndipo laisensi ya ekisaizi tili nayo. Wotisungira mabuku akuti msonkhowu tiziulemba paokha. Bwanji osangouphatikiza pa mtengo, poti wolipira ndi wogula yemweyo?"

Mayi, wotisungira mabukuyo akunena zoona. Ekisaizi ndi msonkho womwe boma limaika pa katundu wina wake, monga vinyo, ndipo ndalamayo imangodutsa m'manja mwanu popita ku MRA. Mukailemba ngati ya malonda, buku lidzakuonetsani phindu lomwe kulibe.

Tiyerekeze kuti katoni imodzi mumagulitsa K50,000 potuluka pafakitale, ndipo msonkho ndi 10 pa 100 iliyonse. Nambalayi ndangoisankha kuti masamu aphweke. Mlingo weniweni umasiyana malinga ndi katundu, ndiye tengani wa vinyo wanu. Pa invoisi mulemba mizere itatu: katundu K50,000, ekisaizi K5,000, kenako VAT ngati munalembetsa. VAT imawerengedwa pa K55,000, osati pa K50,000, chifukwa imakwera pamwamba pa ekisaizi. M'buku, K50,000 ipite ku malonda. K5,000 ipite patsamba lakelake, la ngongole yanu ku MRA, ndipo ikhale pamenepo mpaka tsiku lomwe mwalipira.

Ngati munagwirizana mtengo umodzi wa K55,000 msonkho uli momwemo, musachotse 10 pa 100 pa ndalama yonseyo, mupeza K5,500 yolakwika. Gawani ndi 110, muchulukitse ndi 10.

Koma pomwe ambiri amapsa ndi pa ngongole. Mwatumiza makatoni 40 ku malo ogona alendo ku Monkey Bay, eni ake akuti adzalipira alendo a Khirisimasi akabwera. Msonkho sudikira zimenezo. Umatsata katundu amene watuluka, osati ndalama imene yalowa, choncho K200,000 ya ekisaizi ya makatoni 40 aja muyenera kuipereka mwezi wotsatira ngakhale simunalandire olo tambala. Ndinaonapo mnzanga wina atagulira shuga ndi mabotolo ndalama yotereyi, tsiku lolipira litakwana anachita kugulitsa njinga yamoto. Ine ndimalangiza kutsegula akaunti yachiwiri kubanki, muziponyamo ekisaizi ya katoni iliyonse yomwe yalipiridwa.

Ekisaizi musaiyesenso VAT. Pa VAT mumachotsera yomwe munalipira pogula zipangizo. Ekisaizi siyenda choncho.

Pakutha pa mwezi werengani makatoni, osati ndalama zokha. Munayamba ndi 20, mwapanga 100, mwatsala ndi 30, ndiye atuluka 90, ndipo tsamba la ekisaizi lionetse K450,000. Likaonetsa K420,000, pali makatoni 6 opanda invoisi. Kawirikawiri amakhala aja munapereka kuti anthu alawe, kapena aja anatenga achimwene pa chinkhoswe. Amenewonso ndi katundu wotuluka. Mabotolo akasweka, lembani tsiku lomwelo, asaine amene anaona, chifukwa ofisala akabwera kudzawerenga katundu, mawu apakamwa oti anasweka sawalandira.