Vesi pa sikirini: Afilipi 4:13 mu masekondi 20

"Achimwene, ndimakhala ku Mayfair ndipo ndimapanga timavidiyo ta masekondi 20 ta gulu lathu la mapemphero. Ndinaika Afilipi 4:13 pa chithunzi cha galimoto yatsopano, abusa n'kundiuza kuti ndichotse. Ndinalakwa pati?"

Achemwali, abusawo anakuchitirani zabwino. Tsegulani Afilipi 4 muyambire vesi 10. Paulo akulemba ali m'ndende, akuthokoza Afilipi chifukwa cha thandizo limene anamutumizira kudzera mwa Epafrodito. Mu vesi 12 akuti wadziwa kukhuta, wadziwanso kukhala ndi njala. Ndiyeno pamabwera mawu aja akuti, "Ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvuyo." Zonsezo ndi njala ndi kukhuta komwe. Mukaika galimoto kumbuyo kwake, chithunzi chimalalikira zimene Paulo sananene, ndipo munthu amene ntchito yamuthera, lendi ikumudikira, amaona ngati chikhulupiriro chake n'choperewera. Chonsecho vesili ndi lake iyeyo. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa kuno ku Joni anthu otere ndi ambiri.

Ine ndikanapanga chonchi. Masekondi 5 oyamba, chiganizo chimodzi cha mawu anga: Paulo analemba izi ali m'ndende. Chisakhale ndi zizindikiro zogwira mawu, ndipo zilembo zake zisiyane ndi za vesi, kuti woonera asasokoneze mawu anga ndi a Baibulo. Masekondi 15 otsalawo, kachigawo ka vesi 12 kokamba za njala, kenako vesi 13. Ndisanatumize ndimawerenga mokweza kawiri. Zilembo zikazimiririka ndisanamalize, ndiye kuti ndachulutsa mawu.

Pansi pa vesi lembani Afilipi 4:12-13, ndi dzina la Baibulo limene mwatengamo. Mawu ndagwira pamwambapa ndi a Buku Lopatulika, limene linatuluka koyamba mu 1922. Buku Loyera la 1998 limanena m'Chichewa china, ndipo pagulu panu pali ena owerenga limeneli. Osalemba kuchokera pamtima, chifukwa mutu umaphatikiza mabaibulo awiri n'kutulutsa vesi losapezeka paliponse. Osamasuliranso nokha kuchokera ku Chingelezi n'kulembapo kuti Buku Lopatulika. Koperani monga zalembedwera, ndipo pamene mwadumpha mawu ikanipo timadontho titatu.

Dzina la buku ndi manambala zikhale chapakati, pamodzi ndi vesilo mpaka vidiyo ithe. M'munsi mwa sikirini TikTok imaikamo dzina lanu ndi mawu ofotokozera, kumanja kuli mabatani, ndiye zimakwiririka.

Chaka chatha ndinaona kavidiyo ka ukwati wina ku Yeoville. Wopangayo ankafuna 1 Yohane 4:18, pamene pamati m'chikondi mulibe mantha, koma 1 uja anadulika m'mphepete. Panatsala Yohane 4:18, pamene Yesu akuuza mayi wa ku Samariya kuti wakhala ndi amuna asanu. Azakhali a mkwatibwi anatsegula Baibulo lawo, ndipo foni ya mnyamatayo inalira usiku wonse. Kuyambira pamenepo, vidiyo iliyonse ndimayamba ndaitumiza kwa mkazi wanga, iye n'kutsegula vesilo potsata zimene akuona pa foni yake.