Engo ayironi imapindikira kumene simukuyang'ana

"Bambo, tapatsidwa engo ayironi ya 100 x 75 x 10 kuti tipeze Ixy ndi mapulinsipo akisisi. Ndapeza kale Ix ndi Iy. Zinazi n'zofunikiradi, kapena n'zamayeso chabe?"

Mwanangu, mawu akuti "zamayeso chabe" andipweteka. Ku Chibavi kuno ndinaitanidwa kukaona sitandi ya thanki ya madzi imene inayamba kupendama. Wowotcherera anagwira ntchito yabwino, mfundo zonse zili gwa. Koma mwendo umodzi unali utakhota pakati. Nditauyang'ana kuchokera m'munsi, ndinaona kuti sunakhotere kutsogolo kapena m'mbali, unakhotera chopingasa. Mwini nyumba ankati chitsulo n'chachinyengo. Ayi, chitsulocho chinachita zimene engo iliyonse imachita ikapanikizidwa. Owotcherera athu sindiwadzudzula, palibe anawauza. Ndimadzudzula ife ophunzira amene timajambula sitandi n'kuwerengera Iy basi.

Chitsulo chooneka ngati I mukachidula pakati, mbali ziwirizo zimafanana, ndiye Ixy imakhala ziro. Engo ya miyendo yosiyana ilibe mzere wotero, choncho x ndi y sindiwo mizere imene imapindikirapo.

Igaweni pawiri, kaye tisawerengere kukhota kwa pangodya. Mwendo woimirira ndi 10 x 100, malo ake 1000. Wogona ndi 65 x 10, malo ake 650. Pakatikati pa engo yonse pali mamilimita 19.77 kuchokera kumsana ndi 32.27 kuchokera pansi. Mwina mwapeza Ix = 1.636 × 10⁶ ndi Iy = 0.791 × 10⁶ mm⁴.

Tsono chidutswa chilichonse pachokha Ixy yake ndi ziro. Chotsala ndi malo ake kuchulukitsa ndi mitunda iwiri yochokera pakatikati paja. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa amataya zizindikiro. Woimirira uli kumanzere ndi kumwamba, wogona uli kumanja ndi kumunsi:

```
1000(-14.77)(17.73) + 650(22.73)(-27.27)
Ixy = -0.665 × 10⁶ mm⁴
tan 2θ = -2Ixy / (Ix - Iy) = 1.573
```

Ndiye θ ndi madigiri 28.8: tembenuzani x motsutsana ndi wotchi kuti mupeze mzere wolimba. Wofooka uli madigiri 90 kuchokera pamenepo. Imax ndi 2.00 × 10⁶, Imin ndi 0.426 × 10⁶. Ziphatikizeni, zikapanda kufanana ndi Ix + Iy, bwererani.

Yerekezani 0.426 ndi 0.791. Pamwendo wautali wowonda, katundu woukhotetsa amatsatira I yaing'ono kwambiri, ndiye amene wawerengera Iy akuganiza kuti mwendowo ndi wolimba pafupifupi kawiri kuposa mmene ulili. Posankha kutalikirana kwa zogwiriziza, gwiritsani ntchito r yochokera ku Imin, ndiye kuti sikweya ruti ya Imin yogawidwa ndi malo a engo yonse, mamilimita 16.1, osati 21.9 wa Iy.