Kalata yofunsira ukalaliki wa ku sitozi: dipuloma itenge mzere umodzi basi

"Moni bambo. Ndimakhala ku Nkhotakota, ndinamaliza dipuloma ya lojisitikisi chaka chatha. Kampani ina ku Salima ikufuna kalaliki wa ku sitozi. Sindinalembedwepo ntchito, ndinangopanga atachimenti ya miyezi itatu. Ndilembe zotani m'kalata kuti aone kuti ndine wophunzira kuposa anzanga a MSCE yokha?"

Achemwali, mawu anu omalizawo ndi amene andichititsa kusiya zina kuti ndikuyankheni lero lomwe. Amene adzatsegule kalata yanu sakufunafuna munthu wophunzira kwambiri. Ali ndi nkhawa ziwiri: kodi munthuyu ndikam'patsa makiyi katundu adzakwana, nanga sadzandithawa miyezi isanu ndi umodzi isanathe akangomva kuti ku Lilongwe akufuna ofisala wogula katundu? Kalata yodzitama ndi dipuloma imakulitsa nkhawa yachiwiriyo, yoyambayo osaikhudza n'komwe.

Kale ndinkayang'anira sitozi ya kampani ina yomanga kuno ku Salima, ndipo anatilembera mnyamata wa dipuloma ngati yanuyo. Pa nkhani ya m'buku anali katswiri, FIFO, njira yoti katundu woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka, ankaifotokoza mwakuti ngakhale mlonda ankamva. Lachisanu lina dzuwa litapendeka inafika lole ya simenti, matani khumi, kutanthauza matumba 200 a makilogalamu 50. Dalaivala anali pa changu, akuti akufuna akwere zitunda za msewu wa ku Lilongwe kusanade. Aganyu akadali pakati potsitsa, mnyamata uja anasayina dilivale noti, pepala lobwera ndi katundu, n'kulemba GRN, chikalata chovomereza kuti katundu walandiridwa, n'kuikapo 200. Lole inapita.

Pa bini khadi, khadi lolembapo katundu wolowa, wotuluka ndi wotsala, panali matumba 40 otsala. Anawonjezera 200, zinakhala 240. Sabata yotsatira anatulutsa 60 opita kwa amisiri, khadi n'kumati mwatsala 180. Samu yake inalibe vuto. Koma pa mapeto a mwezi titalowa kuwerenga sitoko tinapeza 174. Matumba asanu ndi limodzi kulibe. Ndiye mum'funse ndani? Wogulitsa ali ndi siginecha yanu yoti munalandira onse. Dalaivala akuti anatsitsa onse. Amene watsala ndi kalaliki, ndipo mawu oti "wakuba" sachedwa kutuluka pakamwa pa bwana, ngakhale munthu sanabe kanthu.

Tinadziwa bwanji kuti anaperewera pofika? Tinali ndi mdala wina wothandiza m'sitozimo, wa JCE, wosalankhulalankhula. Iyeyo simenti ankaisanjitsa pa mapaleti milu ya matumba khumikhumi, osapitirira, kutali pang'ono ndi khoma kuopa chinyezi. Tsiku lija anawerenga milu 19 yodzaza ndi mulu wina wa matumba anayi, n'kulemba 194 m'kope lake lokutidwa ndi pulasitiki. Anamuuza mnyamatayo, koma yankho linali loti, "Madala, mapepala ndasayina kale." Akanangodikira mphindi makumi awiri, n'kulemba pa dilivale noti kuti talandira 194, aperewera 6, dalaivala n'kusayina pambali, ndiye kuti a maakaunti akanalipira 194 yokha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine kuyambira pamenepo makalata ndimawawerenga ndi diso lina, ndipo ndinene mosabisa: mawu oti ndine wakhama, wokhulupirika, woopa Mulungu, ndimatha kugwira ntchito popanda wondiyang'anira, ndimangowadumpha. Aliyense amalemba zomwezo, ena amachita kukopera kwa mnzawo mpaka dzina la kampani ina kuliiwala momwemo. Kukhulupirika pa sitozi sikunenedwa, kumaoneka pa mapepala atatu akagwirizana: LPO imene inaitanitsa katundu, dilivale noti imene yabwera naye, ndi chimene mwawerenga ndi manja anu.

Komanso musaiwale kuti kuno kunyanja katundu amavuta mwa njira yakeyake. Mpunga wa kilombero ukagulidwa usanaumitsitse, thumba limene linali makilogalamu 50 pa sikelo limapepuka likakhala milungu ingapo m'kutentha kwathuku, popanda woligwira. Kalaliki wosalemba kulemera kwa tsiku lolandira ndi mmene mpungawo unalili amadzaoneka ngati watapa. Nyengo ya mvula simenti imaundana, feteleza amanyowa, shuga amagwirana. Inuyo a ku Nkhotakota zimenezi mwakula mukuziona, kuyambira ku Bua mpaka ku Dwangwa, ndipo n'zimene wochokera m'tauni sangalembe. Zimandiwawa kuona ana akuno akubisa zimene akudziwa n'kumathamangira mawu akuluakulu a m'kalasi.

Tsono kalatayo

Ilembedwe m'Chingerezi, tsamba limodzi, yotayipa pokhapokha ngati chilengezo chanena kuti yapamanja. Pamwamba keyala yanu, foni imene imagwira, komanso deti, kenako keyala yawo monga ilili pa chilengezo. Mutu wake utchule ntchitoyo momwe iwo aitchulira:

```
RE: APPLICATION FOR THE POST OF STORES CLERK
```

Ndime yoyamba ikhale ziganizo ziwiri: ntchito imene mukufunsira, kumene munaona chilengezo ndi tsiku lake, kenako dipuloma yanu, koleji ndi chaka. Za sukulu zithere pomwepo, maphunziro onse aja ali kale mu CV.

Ndime yachiwiri ndiye kalata yeniyeniyo, ndipo miyezi itatu imene mukuiderera ija ndi imene ikugulitseni. Musalembe kuti "ndinaphunzira zambiri". Lembani motere, koma ndi manambala anu enieni: "Pa atachimenti ndinkalandira katundu poyerekeza dilivale noti ndi LPO, kulemba GRN, ndi kusunga mabini khadi a mitundu ya katundu pafupifupi 80. Ndinawerenga nawo sitoko mapeto a mwezi katatu. Ulendo wina khadi la penti linasiyana ndi za pa shelefu ndi zitini zinayi. Nditatsata mapepala otulutsira katundu ndinapeza limodzi losalowetsedwa, ndipo woyang'anira atavomereza tinakonza." Woyang'anirayo mum'tchule, chifukwa kalaliki wokonza yekha khadi popanda chilolezo amaopsa kuposa wolakwitsa. Ngati nkhani yotere simunakumane nayo, musapeke. Pa intavyu adzakupatsani khadi lopanda kanthu ndi cholembera, bodza lidzagwa pomwepo. Nenani zimene munagwiradi, ngakhale kutakhala kusanja katundu kuti woyamba kutha mphamvu atuluke msanga. Excel itchuleni ngati mungathedi kupanga tsamba la zolowa, zotuluka ndi zotsala.

Ndime yachitatu ichotse nkhawa ija yoti mudzathawa: nenani kuti ndinu wokonzeka kukhala ku Salima, kuti mungayambe liti, ndipo ngati muli ndi pofikira nenaninso, poti keyala ya Nkhotakota idzawafunsitsa. Za malipiro musayambe ndinu, pokhapokha atafunsa. Tsekani ndi zimene mwaphatikiza: CV, makope a satifiketi ndi chiphaso cha unzika, osati zenizenizo. Mwa anthu okuchitirani umboni, woyamba akhale amene ankakuyang'anirani pa atachimenti, ndipo mumuimbire kaye musanalembe nambala yake. Mukayamba ndi Dear Sir/Madam, malizani ndi Yours faithfully, musayine. Ngati akufuna pa imelo, zonse zikhale mu PDF imodzi yokhala ndi dzina lanu, osati zithunzi zisanu ndi ziwiri zojambula pa foni.