Nkhuku yofiirira pafupa: yapsa kapena ayi?

"Ndinaphika ntchafu za nkhuku pafupifupi ola lathunthu, koma nditang'amba, nyama ya pafupa inali yofiirirabe. Ndinaopa kupatsa ana. Kodi imeneyi ndi yabwino kudya?"

Achemwali, ngati kutentha kunafika mpaka mkati, nyamayo ndi yabwino, idyani. Mtundu pawokha sunena zoona pa nkhuku.

Ndikukhulupirira kuti inali nkhuku yachizungu, mwinanso yochokera mufiriji. Nkhuku zimenezi zimaphedwa zili ndi masabata 6 mpaka 8, mafupa asanakhwime. Fupa lanthete limakhala ndi timibowo, ndiye mukamaphika, madzi ofiira a m'mafuta a m'fupa amatulukira m'timibowoto n'kudetsa nyama yoyandikana nalo. Kuumitsa mufiriji kumawonjezera vutoli. Mtunduwo ukalowa sutheranso, ngakhale muwiritse mpaka nyama kuyoyoka. N'chifukwa chake pa tambala wachikuda, wa mafupa olimba uja, simuziona kawirikawiri. Utsi wa makala nawonso umasiya kufiirira, makamaka kunsi kwa khungu.

Chimene chimapha majeremusi otsegula m'mimba, monga Salmonella ndi Campylobacter, ndi kutentha. Ngati muli ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa nyama, kabayeni pamene ntchafu yanenepa kwambiri, kasakhudze fupa. Kakawerenga 74°C, nkhani yatha.

Ambirife tilibe, choncho tengani ntchafu yaikulu koposa zonse mumphika, muicheke mpaka pafupa, muone ndi kukhudza. Yakupsa, ingafiire bwanji, imang'ambika m'timinofu ngati ulusi, imasiyana ndi fupa mosavuta, ndipo nthunzi imatuluka mkati mwenimwenimo. Yosapsa imanyezimira, imaterera, imanyumbwira ngati mphira, ndipo imakakamira fupa. Mukaona choncho, kapena mukungokayika, bwezerani pamoto. Kwa ana, amayi oyembekezera ndi okalamba musachite zoyerekeza.

Kumene ndimaopa ine si pa mphika wanu wa ola lathunthu. Ndi pokazinga. Tsiku lina ndili pachangu ndinaponya m'mafuta owira ntchafu zomwe mkati munali mukadali ayezi. Mphindi 10 zisanathe kunja kunali kutapsa bwino, khungu lili khirikhiri, koma nditaboola ndi mpeni panatuluka madzi ofiira, ndipo pafupa panali pofunda chabe. Imeneyo ndiye nkhuku yodwalitsa, ngakhale imaoneka bwino m'mbale.

Chichokere tsikulo ndimaisungunula kaye yonse, kuitsitsa m'munsi mwa firiji usiku wathunthu. Ntchafu iliyonse ndimaicheka mbali zonse ziwiri motsata fupa kuti moto ulowe, n'kuziwiritsa ndi mchere ndi adyo mphindi 20, kenako ndiye kukazinga kapena kuwotcha. Ntchafu siuma msanga ngati chidali, ndiye musaope kuisiya pamoto mphindi zina zisanu. Ndipo mbale imene munaikamo yaiwisi, musapakuliremo yakupsa musanaitsuke ndi sopo.